Njira zitatu zolosera mazira: ndisankhe imodzi kapena ndiziphatikize?

Mayi a Tadala: Moni nonse. Ndimagwira ntchito pa depoti ina ya mazira kuno ku Likuni. Lachinayi lililonse ndimauza a ku famu kuti sabata yamawa atipatse matireyi angati. Ndili ndi njira zitatu zolosera, zonse zili mu Excel. Yoyamba imangotenga avareji ya masabata anayi apitawo. Yachiwiri imatenga zomwe tidagulitsa sabata yomweyo chaka chatha n'kuwonjezerapo pang'ono poti makasitomala adachuluka. Yachitatu adatikonzera mphwanga, ndi rigiresheni yoyang'ana mtengo wa tireyi, kutha kwa mwezi komanso ngati sukulu zatsekulidwa. Bwana akuti ndisiye ziwirizo, ndizigwiritsa ntchito yachitatu yokha chifukwa ndiyo imaphonya pang'ono. Koma dzulo ndangoyesa kuphatikiza zitatuzo n'kugawa ndi 3, ndipo zandidabwitsa. Onani masabata 6 apitawa:

Zogulitsadi: 500, 540, 480, 620, 560, 510
Yoyamba: 540, 520, 530, 520, 535, 550
Yachiwiri: 450, 580, 460, 575, 600, 545
Yachitatu: 540, 505, 450, 600, 575, 540
Avareji ya zitatuzo: 510, 535, 480, 565, 570, 545

Ndikawerenga matireyi onse ophonyedwa, osasamala zoti yapitirira kapena yaperewera, yoyamba yaphonya 275, yachiwiri 230, yachitatu 170. Avareji yaphonya 115 basi. Zingatheke bwanji kuti kusakaniza njira yabwino ndi ziwiri zofooka kupose yabwinoyo? Kapena ndasokoneza penapake?

Bambo a Mphatso: Mayi, avareji ya masabata anayi ndiyabwino kale, ine pa hadiweya yanga ku Kawale ndimaoda simenti motero. Musavutike ndi zambiri.

Mayi a Tadala: Ayi bambo, simunandimve. Avareji ya masabata anayi ndi imodzi mwa njira zitatuzo, ndipo ndiyo yaphonya kwambiri. Ndikunena za avareji ya mayankho a njira zitatuzo pa sabata imodzi.

Bambo a Mphatso: Oho. Pepani, ndawerenga mothamanga.

Yamikani: Nkhani yake n'njosavuta achemwali, mutu umodzi susenza denga. Mu 1906 Francis Galton adatolera mapepala a anthu 787 omwe ankayerekeza kulemera kwa ng'ombe pa chionetsero ku Plymouth. Nambala yapakati inali mapaundi 1,207, yeniyeni inali 1,198. Mukachulukitsa olosera, yankho limayandikira choonadi. Onjezani njira zina zisanu, mudzangoona.

aPhiri: Simunasokoneze mayi, ndawerengeranso ndipo 115 ndi yolondola. Achimwene Yamikani, za Galton mwanena zoona, koma zoti tingowonjezera njira zina zisanu ndibwereranso, pamenepo pali msampha.

Mayi, m'malo mowerenga kuphonya mopanda chizindikiro, lembani ndi + pomwe njira yapitirira ndi - pomwe yaperewera:

Yoyamba: +40, -20, +50, -100, -25, +40
Yachiwiri: -50, +40, -20, -45, +40, +35
Yachitatu: +40, -35, -30, -20, +15, +30
Avareji: +10, -5, 0, -55, +10, +35

Taonani sabata yachitatu. Yoyamba idapitirira ndi 50, ziwiri zinazo zidaperewera ndi 20 ndi 30. Palibe ngakhale imodzi yomwe idalasa, koma choonadi chidali pakati pawo, ndiye pophatikiza zolakwazo zidadyana n'kutsala 0. Sabata yoyamba, yachiwiri ndi yachisanu ndi chimodzimodzi: wina ali kumtunda, wina kumunsi, 500, 540 kapena 560 ali pakati.

Tsono onani sabata yachinayi ndi yachisanu ndi chimodzi. Zonse zitatu zidaphonyera mbali imodzi. Apa palibe chodyana, avareji yangophonya mwapakatikati: 55 pa sabata yachinayi, pomwe yachitatu payokha idaphonya 20 basi. Ndiye avareji ili ndi nkhope ziwiri zokha. Njira zikaphonyera mbali imodzi, imaphonya mofanana ndi avareji ya kuphonya kwa njirazo. Zikaphonyera mbali zosiyana, imaphonya mochepera pamenepo. Sizingatheke kuti ipitirire avareji ya kuphonya kwa zitatuzo, imeneyo ndi masamu chabe. Kwa inu avareji ya 275, 230 ndi 170 ndi 225, ndiye munali otsimikizika kuti simupitirira 225. Kutsika kuchoka pa 225 kufika pa 115 ndi phindu la masabata anayi aja omwe zolakwa zidadyana.

Koma dziwani kuti chitsimikizocho ndi chakuti kuphonya kwa avareji sikungapitirire avareji ya kuphonya kwa njirazo. Sichikunena kuti iposa yabwino koposa. Kupambana 170 kwachitika chifukwa njira zanu zimaphonya mosiyana kawirikawiri.

Mayi a Tadala: Sabata yachinayi ndikuikumbukira. Kunali kutha kwa mwezi, komanso adabwera anthu awiri oumba makeke a ukwati, adatenga matireyi ambiri tsiku limodzi. Yachitatu imadziwa za kutha kwa mwezi, n'chifukwa chake idayandikira. Sabata yomalizayo loji ina yomwe imatenga Lolemba lililonse idangosiya osatiuza.

aPhiri: Eya, ndipo palibe njira mwa zitatuzo yomwe ikadadziwa za lojiyo. Chimene onse sakuchidziwa, avareji siyingachidziwenso.

Nachisale: Ine sindikukhutira. Ndimagwira ntchito yowerengera mankhwala pa chipatala china, ndipo zoterezi tidaziyesapo. Masabata 6 ndi ochepa kwambiri. Komanso aPhiri, mwaona nokha kuti sabata yomwe kumafunika mazira ambiri, yomwe ndalama zili, avareji ndiyo idagwetsa mayiwa. Kuperewera matireyi 55 pakutha pa mwezi si chimodzimodzi ndi kupitirira 10 pakati pa mwezi. Bwana wawo sakulakwa kwenikweni.

aPhiri: Pa za masabata 6 ndikugwirizana nanu kotheratu achemwali. Kutsika kuchoka pa 170 kufika pa 115 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo sindingayembekezere kuti zikhale choncho chaka chonse. Koma mfundo yanuyo ikudula mbali zonse. Ngati masabata 6 ndi ochepa kuti tiweruze avareji, ndi ochepanso kuti tiveke yachitatu ufumu. Apa ndi pomwe anthu ambiri amasochera. Timati "njira yabwino koposa" ngati kuti timaidziwa kale. Chomwe timadziwa ndi njira yomwe *idachita* bwino pa masabata omwe tayang'ana. Mu 170 uja muli luso, mulinso mwayi, ndipo sitingazilekanitse ndi manambala ochepa chonchi. Mukasankha wopambana pa mpikisano waufupi, kawirikawiri mwasankha amene mwayi udamugwera, ndipo mwayi sutsatira munthu mwezi wamawa.

Chinanso, yachitatu idaphunzira kuti mtengo ukakwera ndi zakuti, anthu amachepetsa kugula ndi zakuti. Idaphunzira zimenezo pa nthawi ina yake. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu idasintha yonse, ndipo rigiresheni yomwe idaphunzira mitengo yakale imasokonezeka pa nthawi ngati imeneyo. Avareji ya masabata anayi, yopusa ija, siyang'ana mtengo n'komwe, imangotsata zomwe zikuchitika ndipo pakatha mwezi yazolowera. Ndiye yabwino lero ikhoza kukhala yomaliza mu Janyuwale. Amene wasunga zitatu zonse sagwa kwambiri ufumu ukasintha.

Yamikani: Ndiye ndi zomwe ndimanena zija, tichulukitse njira.

aPhiri: Ayi achimwene. Tiyerekeze kuti njira ziwiri zimaphonya mofanana, kuphonya kwa masiku onse kwa iliyonse ndi matireyi 40. Kuphonya kwa avareji yawo kumadalira kuti zimaphonyera limodzi motani, chomwe timachiyeza ndi nambala r:

```
kuphonya kwa avareji = 40 * SQRT((1 + r) / 2)
```

Ngati kuphonya kwawo sikugwirizana n'komwe, r ndi 0, ndipo avareji imaphonya 28. Ngati r ndi 0.5, imaphonya pafupifupi 35. Ngati r ndi 0.9, imaphonya 39, mwapindula tireyi imodzi yokha. Tsono mayi akawonjezera avareji ya masabata atatu, ya masabata asanu, ya masabata 6, zonsezo ndi ana a mimba imodzi ndi yoyamba ija. Zidzaphonyera limodzi. Choipa kwambiri, zidzakhala ndi mavoti anayi pa 6, n'kumiza yachiwiri ndi yachitatu. Sabata ya makeke ija zonse zikadaperewera pafupifupi 100, ndipo avareji ikadaipa kuposa 55. Mitu isanu yoganiza chinthu chimodzi ndi mutu umodzi.

Chomwe chapulumutsa mayi ndi chakuti njira zawo zimayang'ana zinthu zosiyana: imodzi zaposachedwa, ina nyengo ya pachaka, ina mtengo ndi malipiro. Akafuna yachinayi, ikhale yodziwa zomwe zinazo sizidziwa. Mwachitsanzo dalaivala wawo woperekera mazira, amene amamva ku maloji kuti sabata yamawa kuli msonkhano kapena kulibe.

Mayi a Tadala: Dalaivala wathu amadziwadi zambiri, kungoti amakokomeza kkkk. Akati 700 dziwani kuti ndi 600.

aPhiri: Ameneyo musamuike mu avareji musanamukonze. Lembani manambala ake masabata angapo, muone kuti amapitirira ndi zingati nthawi zambiri, muzichotsa zimenezo kaye. Wophonyera mbali imodzi nthawi zonse amakoka avareji yonse kupita kwawo.

Chisomo wa ku Bunda: Ndangolowa, ndawerenga zonse. Ine ndikuona kuti nonse mukuzungulira yankho. Bwanji osapereka magawo osiyana? Yachitatu ndi yabwino, ipatsidwe gawo lalikulu. Fomula yake ilipo kuyambira 1969 pomwe Bates ndi Granger adalemba za kuphatikiza zolosera. Kapena mungochita rigiresheni ya zogulitsadi pa mayankho atatuwo, fomula ya LINEST ya mu Excel ikupatsani magawo abwino koposa. Kugawa ndi 3 ndi ulesi.

Nachisale: Ife tidachita zimenezo za LINEST. Njira imodzi idapatsidwa gawo la 1.4, ina gawo lochepera 0. Pa manambala akale zidali zokongola zedi. Titayamba kugwiritsa ntchito, mwezi wachiwiri womwe idatipatsa nambala yoti aliyense adangoseka. Tidasiya.

Chisomo wa ku Bunda: Mwina deta yanu inali yochepa.

aPhiri: Inali yochepadi, koma ndani wa ife ali ndi yambiri? Chisomo, fomula ija ndi yoona, ndipo ukadziwa bwinobwino kukula kwa kuphonya kwa njira iliyonse komanso r, magawo ake sangagonje kwa avareji wamba. Vuto n'lakuti manambala amenewo sitiwadziwa, timawayerekeza kuchokera pa masabata omwe tili nawo. Tiyeni tione kuti tikulimbirana chiyani. Njira imodzi imaphonya 30, ina 35, r ndi 0.5. Gawo la yoyambayo ndi:

```
w = (35^2 - r*30*35) / (30^2 + 35^2 - 2*r*30*35)
```

Yankho ndi 0.65, inayo 0.35. Ndi magawo amenewa kuphonya ndi 27.7. Ndi theka-theka kuphonya ndi 28.2. Phindu lonse la magawo angwiro ndi theka la tireyi, mazira 15 pa sabata. Onaninso kuti zonse ziwiri zaposa 30 wa njira yabwinoyo.

Tsono ikani r wa 0.9 mu fomula yomweyo. Gawo likutuluka 1.19, inayo -0.19. Ndi zija adaona achemwali Nachisale. Njira zikamafanana kwambiri, nambala ya pansi pa fomulayo imachepa, ndiye kusintha pang'ono kwa deta kumagwedeza gawo kwambiri. Masabata awiri achilendo ndi okwanira kukupatsani magawo openga. Ndiye mbali imodzi mungapindule mazira 15, mbali inayo mungataye matireyi. Kugawa mofanana sikuyerekeza kanthu kalikonse, choncho kulibe poti kulakwire poyerekeza.

Zimenezi akatswiri adazionanso. Stock ndi Watson mu 2004, polosera kukula kwa chuma cha mayiko 7 olemera, adapeza kuti njira zosavuta zophatikizira zimachita bwino kuposa zozama, mpaka nkhaniyi idatchuka ngati mwambi wovuta kumasula. Smith ndi Wallis mu 2009 adaonetsa kuti chifukwa chachikulu ndi chomwechi, kulakwa poyerekeza magawo.

Chisomo wa ku Bunda: Komatu pa mpikisano wolosera manambala wa M4 wa 2018 amene adakhala wachiwiri sadagwiritse ntchito avareji wamba, kompyuta ndiyo inkasankha magawo.

aPhiri: Zoona, ndipo wandigwira bwino. Koma kumeneko kunali mindandanda ya manambala 100,000 yophunzirirapo magawowo. Mayi ali ndi mndandanda umodzi. Chomwe ine ndimatengapo pa M4 n'chakuti mwa njira 17 zomwe zidachita bwino koposa, 12 zidali zophatikiza. Zoti magawo akhale ofanana kapena ayi zimadalira kuchuluka kwa deta yako.

Chisomo wa ku Bunda: Chabwino, koma sindikuvomera kuti njira yophonya 275 ilandire gawo lofanana ndi yophonya 170. Mtima ukukana.

aPhiri: Mtima wako uli ndi mfundo. Pali malire pomwe mnzako wofooka amasiya kukuthandiza. Titenge njira ziwiri zokha, yabwino imaphonya 30. Ngati r ndi 0, avareji imapambanabe bola mnzakeyo asapitirire 52. Ngati r ndi 0.5, malirewo amatsika kufika pa 39. Ndiye njira yofooka kwambiri yomwenso imaphonyera limodzi ndi yabwinoyo ilibe ntchito, ichotsedwe. Yoyamba ya mayi ili m'mphepete. Pa 275 wake, 100 ndi wa sabata imodzi. Kuti tidziwe ngati ndi yofooka kapena idangokumana ndi tsoka, pafunika masabata ambiri.

Ukafuna njira yapakati, usayerekeze r n'komwe. Pereka magawo molingana ndi 1 kugawa ndi avareji ya masikweya a kuphonya kwa njira iliyonse, kenako uwakokere theka kubwerera ku magawo ofanana. Sangatsike pansi pa 0, sangapengenso. Koma ndi masabata 6 ine sindingayambe n'komwe.

Bambo a Mphatso: Ine ndatsalira pa SQRT paja. Funso langa ndi lakuti, a zanyengo akamati mvula igwa mochuluka chaka chino, amachitanso chonchi?

Yamikani: Eya, a ECMWF, bungwe la zanyengo la ku Ulaya, amayendetsa zolosera 51 nthawi imodzi n'kuona zomwe zambiri zikunena.

aPhiri: Zikufanana koma si chimodzi. Zimenezo ndi modelo imodzi yoyendetsedwa kambirimbiri, poyambira pake atasinthapo pang'onopang'ono, kuti aone kuti zinthu zingapatuke motani. Mayi ali ndi njira zitatu zosiyana mapangidwe. Koma pali kanthu kabwino komwe angabwereke kumeneko: kuyang'ana kutalikirana kwa mayankho. Kungoti samalani, sabata yomaliza ija njira zonse zidagwirizana, 550, 545, 540, ndipo zonse zidaphonya. Kugwirizana si umboni woti zalasa.

Nachisale: Funso langa lija simunaliyankhe aPhiri. Kuperewera pakutha pa mwezi.

aPhiri: Sindinalizembe dala. Pali zinthu ziwiri. Choyamba, avareji ikulosera pakati pa zomwe zingagulitsidwe, siyikunena kuti muode zingati. Ngati kubweza kasitomala chimanjamanja kumapweteka kuposa kutsala ndi matireyi 30 omwe mugulitsa sabata yamawa, odani mopitirira avareji. Zimenezo n'zofunika ngakhale mutagwiritsa ntchito yachitatu yokha, nayonso idaperewera 20.

Chachiwiri ndi chomwe mukulozacho: mwina pa masabata a kutha kwa mwezi yachitatu ndiyo izitsogolera, poti ndi yokhayo yomwe imadziwa tsiku la malipiro. Yachiwiri imangodziwa mwangozi, sabata ya chaka chatha ikagwera pamodzi ndi malipiro. Maganizowo ndi omveka chifukwa ali ndi chifukwa chake, si ongotola m'manambala. Koma pakadali pano tili ndi kutha kwa mwezi kumodzi kodziwika bwino, ndipo mudalowanso makeke a ukwati. Sindingamange lamulo pa sabata imodzi.

Nachisale: Ine ndikadamanga. Aliyense wogulitsa zinthu mu Lilongwe muno amadziwa zomwe zimachitika anthu akalandira. Sitifunika masabata 50 kuti titsimikize zimenezo.

aPhiri: Zoti malonda amakwera sitikutsutsana. Zoti yachitatu imayeza kukwerako molondola ndi zomwe sitinaone.

Mayi a Tadala: Ndili ndi mabuku a zaka ziwiri. Ndichite bwanji kuti ndikaonetse bwana zinthu zomveka?

aPhiri: Tengani masabata 52 omaliza. Pa sabata iliyonse, lolani njira iliyonse ilosere pogwiritsa ntchito zokhazo zomwe zinkadziwika Lachinayi sabatayo isanayambe. Apa ndi pofunika kwambiri kwa yachitatu. Ngati mphwanu adaikonza ndi deta ya zaka ziwiri zonse, ndiye kuti idaona kale mayankho a mayeso, ndipo idzaoneka yanzeru kuposa momwe ilili. Aikonzenso ndi chaka choyamba chokha, kenako iziwonjezera sabata imodzi imodzi. Mayankho atatu akhale mu B, C ndi D, zogulitsadi mu E, kuphonya kokhala ndi + ndi - mu H, I ndi J:

```
F2: =AVERAGE(B2:D2)
G2: =MEDIAN(B2:D2)
H2: =B2-$E2
r:  =CORREL(H2:H53, I2:I53)
```

MEDIAN ndaiikamo chifukwa njira imodzi ikapenga sabata ina, nambala yapakati siyitengeka nayo. Yerekezani kuphonya kwa zisanu zonsezo, kenako mupatule masabata 12 a kutha kwa mwezi muwaone paokha, kuti ine ndi achemwali Nachisale tidziwe wolakwa. Muonenso avareji ya H, I ndi J popanda kuchotsa chizindikiro. Ikakhala kutali ndi 0, njira imeneyo ili ngati dalaivala wanu uja.

Chenjezo limodzi: mukalemba zogulitsadi pa sabata yomwe mazira adakutherani Lachisanu, nambalayo si ya zomwe anthu ankafuna, ndi ya zomwe mudali nazo. Masabata otero muwaike chizindikiro.

Mayi a Tadala: Iii, pamenepo mwandikumbutsa. Sabata ya 620 ija mazira adatha Loweruka m'mawa, ena tidawabweza. Ndiye ofunikadi mwina adali 660 kapena kuposa.

Nachisale: Mwaona? Ndiye avareji idaperewera pafupifupi 100, osati 55.

aPhiri: Ndipo yachitatu 60, osati 20. Zonse zatsika limodzi, kusiyana kwawo kukadali 35 yemweyo.

Chisomo wa ku Bunda: Mayi mukamaliza munditumizireko fayiloyo, ndikufuna ndiyese magawo anga pa theka loyamba la chaka ndione ngati apambana pa theka lachiwiri.

Mayi a Tadala: Ndifunse kaye bwana, manambala ndi awo. Mphwanga akubwera Loweruka kuchokera ku Mitundu, tikhala nazo pansi. Za sabata yamawa ndaoda 560: avareji yati 540, ndawonjezera 20.